Mawu a pa Paketi ya Chamwamba

Kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Nchalo m'boma la Chikwawa mpaka ku Bangula m'boma la Nsanje, mtengo wa chamwamba ndi wa pakhomo. Umapirira dzuwa la kumeneko, ndipo masamba ake akhala ndiwo kuyambira kale. Lero masambawo amayanikidwa pamthunzi, kusinjidwa, kusefedwa ndi kulongedwa m'timapaketi, ndipo amafika m'misika yathu ya kunyanja pamodzi ndi mafuta a malambe ndi zodzola za nimu. Ambiri a ife timapikula katunduyu n'kumagulitsa. Funso lathu lili pa mawu amene timalemba pa paketi: kodi n'kololedwa kulemba kuti ufawu umachiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, pamene ife tikukhulupirira zimenezo ndi mtima wonse koma sitingathe kuzitsimikizira?

Wogulitsa wotere si wabodza m'njira imene timaidziwa. Anaona azakhali ake akupeza bwino, ndipo ogula amabwerera kudzathokoza. Koma umboni umenewu ndi wopepuka kuposa mmene umamvekera. Amene sanachire sabwerera kudzanena, amangopita kwina. Zotupa zambiri za pakhungu zimatha zokha, ndipo mafuta amene anadzoledwa sabata imeneyo amalandira ulemu umene sanaugwirire ntchito. Kuthamanga kwa magazi ndiye kumanyenga koposa, chifukwa nthawi zambiri sikupweteka paliponse. Munthu akhoza kumva kupepukidwa m'thupi pamene makina a kuchipatala akuonetsa kuti vuto lidakalipo.

Mu fikihi, malonda amafuna kuti wogula adziwe chimene akugula. Malonda a chinthu chosadziwika ngati chilipodi, amene maulama amawatcha gharari, ndi oletsedwa. Mayi wodwala shuga akamapereka ndalama zake, sakugula ufa wobiriwira, pakuti masamba angathyole kwa mnansi. Akugula liwu lakuti "umachiza". Ndiye kuti liwulo lasanduka katundu, ndipo ndi katundu amene ife eni sitinamuyeze. Tikudziwa nkhani ya Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) pamene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anadzudzula wogulitsayo. Pa paketi yathu, chimene chabisidwa pansi ndi kusadziwa kwathu.

Tiyeni titenge paketi ya magalamu 100. Pali zambiri zoona zimene tingalembepo: kuti ndi masamba a chamwamba okhaokha, ochokera ku Chikwawa, oyanikidwa pamthunzi, tsiku limene anasinjidwa, ndi kuti asungidwe pouma. Tingawonjeze kuti masambawa ali ndi mapuloteni, ayironi ndi kashiamu, pakuti zimenezo zinayezedwa. Ngakhale apa pafunika muyezo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ufawu ndi mapuloteni, koma supuni yaing'ono imanyamula magalamu awiri okha. Ndiye kuti wothira supuni imodzi m'phala wapeza theka la galamu. Ndi chowonjezera chabwino pa chakudya, koma sichilowa m'malo mwa usipa kapena nyemba. Mzere wotsiriza ukhale uwu: "Ichi ndi chakudya, musasiye mankhwala a kuchipatala." Mzere umenewu ukhoza kuchepetsa malonda, sitikana. Koma ngozi yaikulu ya paketi yolonjeza machiritso si ufawo ayi, ndi mapiritsi amene wodwala amawasiya m'kabati.

Ena aphunzira kuzemba. Salembanso "umachiza", amalemba "umathandiza pa shuga", kapena "ambiri achira". Wogula amamva chimodzimodzi, ndipo wolembayo akudziwa kuti amva choncho. Choipa kwambiri, m'kuona kwathu, ndi kumata "insha Allah" kumapeto kwa lonjezo, kuti zikakanika mlandu usakhale wathu. Machiritso ndi a Allah, inde. Koma mawu amenewa ndi a munthu wodzichepetsa pa zimene akufuna kuchita, osati chikopa cha wamalonda.

Boma nalo lili ndi malire ake. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo loyang'anira mankhwala, ndipo lamulo la 2018 la HIV ndi Edzi limaletsa kufalitsa zabodza za matendawa. Akuluakulu athu akukumbukira chaka cha 1995, pamene khwimbi la anthu linakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape umene ankati umachiza Edzi. Iye ankaupereka osagulitsa, ndipo zikuoneka kuti ankaukhulupirira. Matendawo sanachoke, ndipo anthu anapitiriza kumwalira mpaka ma ARV aulere atayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004.