Nkhani Imene Wailesi Sinena

M'mwezi wa Marici caka ca 2019 mphepo ya mkuntho yochedwa Idai inasakaza mzinda wa Beira. Anthu oposa 600 anafa m'Mozambiki. Mawailesi a dziko lonse lapansi analengeza tsoka limeneli, ndipo thandizo linabwera msanga.

Koma caka ciri conse malungo amapha anthu ambiri koposa Idai. Amatenga mwana mmodzi ku Cuamba lero, wina ku Mandimba mawa, winanso ku Ngauma mkuja. Maliro otere samveka pa wailesi.

Cifukwa cake n'ciani? Olemba nkhani amasankha cinthu cacilendo, cogwa mwadzidzidzi, cokhudza anthu ambiri tsiku limodzi. Amasankhanso cocitika kumene iwo angafike msanga ndi kujambula zithunzi. Cinthu cozolowereka saciyesa nkhani.

Kodi akulakwa? Wailesi singathe kunena zonse, pakuti nthawi njocepa. Koma thandizo limatsata nkhani, ndipo cosanenedwa cimaiwalika. Mai wolira ku Ngauma salira pang'ono cifukwa mwana wace wafa yekha.

Tikambirane: Ndi cinthu citi ca m'mudzi mwanu cimene simunacimvepo pa wailesi? Nanga ndani angacilembe, ngati si inu amene mukuphunzira kulemba?