Mbewa yamanyazi idafera kuuna

Amene adakulira kumudzi amadziwa kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe, minda imatsala ya anyamata. Akapeza una watsopano, amatseka timabowo tothawira timene atiwona, n'kusonkha moto wa udzu pakhomo pa unawo, uku akukupizira utsi m'kati. Mbewa imene yalimba mtima n'kutuluka ikhoza kukumana ndi chibonga kapena galu, komabe zina zimadutsa pakati pa miyendo ya anyamatawo n'kukalowa m'mapesi. Imene yakhala phee, kudikira kuti utsi uthe wokha, amakaipeza pofukula ndi khasu itauma kale. Akuluakulu adaona zimenezi nati mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Mwambiwu sunyoza ulemu. Umanena za munthu amene ali ndi chifukwa chomveka choti ayankhule, koma watseka pakamwa poopa kuoneka wopanda mwambo. Amauponyera mlendo amene wakana nsima njala ikumupweteka, kapena wodwala amene akubisa nthenda chifukwa cha malo amene yamugwira. Ine ndidaukumbukira chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, mtsikana wodziwa bwino za maakaunti, amene adatsala pang'ono kutaya ntchito poopa kulemba mizere isanu.

Adaitanidwa ku intaviyu pa bungwe lina losakhala la boma ku Lilongwe. Pomaliza mafunso, mayi woona zolemba anthu ntchito adamuperekeza mpaka pakhomo, namuuza kuti pofika Lachisanu pa 3 Julaye adzakhala atamva zotsatira. Lachisanulo lidafika, dzuwa n'kulowa, foni ili zii. Loweruka adandiimbira mawu atalefuka.

"Amalume, basi andikana. Akadandifuna bwenzi ataimba."

Ndidamufunsa ngati wawafunsa eni ake.

"Ayi amalume, angandione ngati wovuta. Mwina n'kundichotseratu pamndandanda."

Mantha amenewa ndimawamva kwa achinyamata ambiri, ndipo gwero lake ndi kusadziwa zimene zimachitika kuseri kwa chitseko intaviyu ikatha. Amene amakuuzani tsiku nthawi zambiri si amene amagamula. Anthu amene adakufunsani aja amaphatikiza malikisi awo, wina amalemba lipoti, lipotilo limadikira siginecha ya bwana wamkulu, amene mwina ali kumsonkhano kunyanja ku Mangochi sabata yonse. Akasaina, amalembera anthu amene mudawatchula kuti angakuchitireni umboni, n'kudikira mayankho awo. M'mabungwe odalira thandizo lakunja, nthawi zina amadikiranso kuti opereka ndalama avomereze. Mayi uja potchula Lachisanu sadaname. Adatchula tsiku limene ankayembekezera ngati zonsezi zitayenda bwino, ndipo kawirikawiri chimodzi chimatsalira.

Palinso chifukwa china chimene sanena poyera. Akasankha woyamba, wachiwiri samuuza kanthu kufikira woyambayo atasaina, chifukwa akakana malipiro kapena akapeza kwina, atembenukira kwa wachiwiriyo. Choncho kukhala chete kwa olemba ntchito kukhoza kutanthauza kuti zinthu zachedwa, kuti mwasungidwa pambali, kapena kuti mwakanidwa koma palibe wafuna kunyamula uthenga wowawa. Muli kunyumba simungadziwe kuti mwa zitatuzi chanu n'chiti. Mwana wa mlongo wanga adangosankha chowawitsacho n'kuyamba kulira maliro a munthu wamoyo.

Tsiku limene adalitchula okha ndilo limakupatsani mphamvu yofunsa. Munthu amene wangotumiza kalata yofunsira ntchito, pomwe chidziwitso cha m'nyuzipepala chidanena kuti adzayankha okhawo osankhidwa, alibe pogwira. Koma inu mudakhala nawo pansi, ndipo lonjezo lidatuluka m'kamwa mwawo. Kuwakumbutsa mawu awo omwe si chipongwe.

Komabe ndidamuletsa kulemba Loweruka lomwelo. Tidawerenga masiku ogwira ntchito okha. Lolemba pa 6 Julaye lidali tchuthi chokumbukira ufulu wodzilamulira, ndiye kuti ofesi idatsegulanso Lachiwiri, tsiku limene aliyense amakhala akulimbana ndi makalata amene adaunjikana. Tidagwirizana za Lachitatu pa 8, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito ndi okwanira. Mukalemba tsiku lomwelo la lonjezo mumaoneka ngati mwaima pakhomo ndi wotchi m'manja, ndipo mukadikira masabata atatu mudzapeza nkhani itatha kale. Podikirapo ndidamuuza ayang'ane mu Spam ya imelo yake, aonenso ngati panalibe nambala yachilendo imene idamuphonya tsiku limene magetsi adazima foni n'kuthima. Anthu ena amakwiyira ofesi imene idawayankha kale.

Adalemba poyankha imelo yomwe ija imene idamuitanira ku intaviyu, kuti mayiyo asavutike kufufuza kuti ameneyu ndani. Adalemba m'Chingerezi, monga momwe adamulembera, koma mawu ake adali awa:

"Mayi, ndikuthokoza chifukwa cha mwayi umene mudandipatsa wodzaonana nanu pa 24 Juni pa ntchito ya wothandizira wa zamaakaunti. Mudanena kuti zotsatira zikhoza kutuluka pofika pa 3 Julaye. Ntchitoyi ndikuifunabe kwambiri. Kodi mungandiuzeko pamene nkhaniyi yafika, ndi tsiku limene ndingayembekezere kumva? Ngati pali chikalata kapena china chimene chikusoweka kumbali yanga, nditumiza lero lomwe."

Poyamba adaikamo ndime yonse yofotokoza kuti mayi ake akudwala, lendi yakwera, ndipo iye ndiye mutu wa banja. Zonsezo n'zoona, koma ndidamuuza azichotse. Wolemba ntchito alibe chochita nazo, ndipo zimamuika pamalo oti ayankhe chisoni m'malo moyankha funso, ndiye amangosiya osayankha. Adachotsanso mawu oti "mudandilonjeza koma simudakwaniritse". Tsikulo lingotchulidwa basi, mwini wake aona yekha kuti lapita. Funso likhale limodzi, loti munthu wotanganidwa akhoza kuliyankha ndi mzere umodzi ali chiimirire. Musafunse kuti "kodi mwanditenga?", pakuti mwina saloledwa kunena kalata isanasainidwe. Funsani pamene nkhani yafika ndi tsiku latsopano. Zimenezo akhoza kuyankha popanda kuphwanya lamulo la ofesi yake.

Yankho lidabwera Lachinayi masana. Mayiyo adapepesa, nati akudikira mmodzi mwa anthu atatu omuchitira umboni, amene adamulembera kawiri osayankha. Titafufuza tidapeza kuti bambo ameneyo, bwana wake wakale, adasintha ntchito, ndipo imelo imene mtsikanayu adalemba pa kalata yake idali ya kuofesi imene bamboyo adachokako. Makalata ankagwera m'bokosi losatsegulidwa. Adawaimbira madzulo omwewo, iwo n'kupereka imelo yatsopano, ndipo mawa lake umboni udatumizidwa. Ndimati ndikaganiza za nkhaniyi mtima umandiwawa, chifukwa ofesi siidikira mpaka kalekale. Akadakhala chete sabata ina, bwenzi atatembenukira kwa wachiwiri, iye n'kumauza anthu kuti ntchito za masiku ano n'zakatangale, chonsecho chidatsekereza ndi adiresi yakufa imene adailemba yekha.

Apa m'pamene padatsala pang'ono kulakwika china. Atamva kuti afika pofunsa maumboni, adafuna kukasiya ntchito kusitolo kumene ankasunga mabuku. Ndidamukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo notisiyo ikaperekedwa, kuibweza kumadalira chifundo cha bwana. Mawu a pafoni oti "zikuoneka bwino" si ntchito. Adadikira mpaka kalata yosainidwa, yotchula malipiro ndi tsiku loyamba, itafika m'manja mwake pa 21 Julaye.

Sikuti aliyense wofunsa amayankhidwa. Imelo ikakhala masiku asanu ogwira ntchito osayankhidwa, imbani kamodzi pa nambala ya ofesi, nthawi ya ntchito, muli ndi mayunitsi okwanira. Tchulani dzina, ntchito ndi tsiku la intaviyu, n'kufunsa funso lomwe lija. Akakupatsani tsiku lina, lilembeni, ndipo likadutsa mukhoza kufunsanso. Koma mukalemba, n'kuimba, osamva kanthu ngakhale tsiku latsopano, lekerani pomwepo, mtima muuike pa makalata ena. Mungathe kutumiza mawu amodzi otsanzika, oti mukadali okonzeka mpata ukadzapezeka. Ngati kwina akupatsani ntchito ndipo akufuna yankho pofika tsiku lakuti, auzeni awa tsikulo mosabisa, chifukwa nthawi zina zimenezo zimafulumizitsa siginecha. Koma musapeke ntchito yabodza kuti muwaopseze. Akangoti "pitani bwino", mudzasowa pobwerera.

Mbewa imene yatuluka mosaona imagweranso m'kamwa mwa galu. Ndaonapo anthu akufulasha foni ya wolemba ntchito kuti awaimbire, ena akutumiza moni pa WhatsApp 10 koloko usiku pa nambala imene sadapatsidwe, ena kukakhala pageti tsiku lonse, ena kutuma m'bale wodziwana ndi bwana kuti akawanenere. Njira yotsirizayi ndiyo yoipitsitsa, chifukwa munthu amene adapambana ndi nzeru zake amayamba kununkha ziphuphu, ndipo ofesi yosamala ikhoza kumusiya pofuna kudziteteza. Ndipo wina akakuyankhani kuti fayilo yanu iyenda mukatumiza kangachepe pafoni, dziwani kuti mwakumana ndi wakuba, kaya ali m'kati mwa ofesiyo kaya kunja.

Ntchito za boma zimayenda mosiyana pang'ono. Zikadzera ku makomishoni olemba aphunzitsi, azaumoyo kapena ogwira ntchito m'boma, ofunsira amakhala ochuluka zedi, zotsatira zimatuluka pamodzi, ndipo kuchedwa kwa miyezi si kwachilendo. Kumeneko kufunsa kumakuthandizani kudziwa ngati mndandanda watuluka, koma sikusuntha kanthu.

Kwa inu amene mumakhala mbali inayo ya tebulo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukatchula tsiku, munthuyo amalilemba pakhoma, amagona foni ili kumutu, ndipo mayi ake kumudzi amaliwerenganso. Mukaona kuti Lachisanu silitheka, tumizani mzere umodzi Lachinayi wonena tsiku lina. Ndipo amene simudamutenge muuzeni, kuti aleke kudikira ayambe kufunsira kwina.