Mzere uime pakhomo, osati m'kati

Postgres ikatopa kulandira anthu, imakana ndi mawu ochepa:

```
FATAL: sorry, too many clients already
```

Uthenga umenewu sumabwera pa nthawi yabwino. Umabwera kumapeto kwa mwezi aliyense akulipira, kapena m'mawa wa tsiku limene anthu onse aganiza zolowa mu pulogalamu nthawi imodzi. Wosamalira seva amathamangira pa `max_connections`, n'kupeza pali 100, nambala imene Postgres imabwera nayo, ndipo mtima umamuuza kuti aikepo 1000 kuti pasakhalenso wobwezedwa. Mtima umenewo ndi wabwino, chifukwa palibe amene amasangalala kubweza munthu wofuna thandizo. Koma ine ndimakhulupirira kuti nthawi zambiri chifundo choterechi ndicho chimagwetsa seva, ndipo ndi bwino kumvetsa chifukwa chake tisanakhudze nambalayo.

Konekishoni ya Postgres si chingwe chabe. Pulogalamu ikagogoda pa poti 5432, pulosesi yaikulu ya seva imabereka pulosesi ina yatsopano yoti itumikire mlendo ameneyo yekha mpaka atatsanzika. Makonekishoni 500 ndi mapulosesi 500 enieni, iliyonse ndi memore yake ndi zosunga zake za matebulo amene yawagwirapo. Kubadwa kwake kumadya nthawi: kugwirizana pa netiweki, kukonza zobisa uthenga, kutsimikiza pasiwedi, kenako pulosesiyo iyambe kudziwa detabesi kuchokera poyambirira. Pulogalamu imene imatsegula konekishoni, kufunsa funso limodzi la milisekondi imodzi n'kutseka, imathera nthawi yambiri pa malonje kuposa pa nkhani imene yabwerera. Ichi ndicho chifukwa choyamba chosungira nkhokwe ya makonekishoni otsegula kale, kuti pulogalamu izibwereka imodzi, kugwiritsa ntchito, n'kuibweza osaitseka. Chifukwa chachiwiri, chimene chimandikhudza kwambiri, n'chakuti nkhokweyo ili ndi malire.

Tiyerekeze seva yokhala ndi memore ya magigabaiti 16 ndi purosesa ya makowa 8, kutanthauza kuti pa kamphindi kalikonse imatha kuwerengera ntchito 8 zokha. Pulogalamu yake imalandira mathiranzakishoni 400 pa sekondi nthawi yotanganidwa, ndipo iliyonse imatha mu mamilisekondi 10. Kodi pakufunika makonekishoni angati? Pali lamulo la masamu a mizere limene John Little analitsimikizira mu 1961: kuchuluka kwa amene ali m'kati kumafanana ndi liwiro la obwera kuchulukitsa ndi nthawi imene aliyense amakhalamo. Apa ndi 400 kuchulukitsa ndi 0.01, yankho ndi 4. Pa avareji, makonekishoni 4 okha ndiwo akugwira ntchito, ngakhale anthu amene atsegula pulogalamuyo pa mafoni awo ali zikwizikwi.

Nanga 100 amatha bwanji? Njira yoyamba ndi kuchulukitsa kosazindikira. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi kankhokwe kake; HikariCP ya Java, mwachitsanzo, imasunga makonekishoni 10 ngati munthu sanasinthe. Pulogalamuyo ikayendetsedwa m'makope 12 kuti ipirire anthu ambiri, makonekishoni afika 120. Postgres imasungira asupayuza malo 3 pa 100 aja, choncho otsala ndi 97, ndipo kope lakhumi limayamba kukanidwa pamene purosesa ikungokhala. Palibe amene analakwa pa kope lake. Aliyense anawerenga 10 wake, koma palibe anawerenga 120.

Njira yachiwiri ndi yoopsa kwambiri. Tinene kuti pa kulipira kulikonse pulogalamu imatsegula thiranzakishoni, kusintha mzere umodzi wa mutebulo umene onse amaugwira, monga wosunga nambala ya risiti yotsatira, kenako n'kufunsa kampani ya ndalama za pafoni ngati malipiro adutsa, thiranzakishoni ikadali yotsegula. Masiku onse yankho limabwera msanga ndipo palibe amaona vuto. Tsiku lina kampani ija ichedwa kuyankha. Loko ya mzere uja imakhalabe m'manja mwa wodikirayo, obwera pambuyo onse amaima kumbuyo kwake, aliyense atagwira konekishoni yake. Nthawi ya thiranzakishoni ikangokwera kuchoka pa mamilisekondi 10 kufika pa 500, masamu omwe aja amapereka 200. Anthu sanachuluke ngakhale mmodzi. Chimene chakula ndi nthawi yokhala m'kati.

Tsopano taonani chimene 1000 angachite pa tsiku ngati limeneli. Onse amalowa. Pamene loko yamasuka, kapena pamene mafunso olemera a malipoti abwera nthawi yomweyo, mapulosesi mazana amafuna makowa 8 aja. Opareting'i sisitimu imagawa nthawi pang'onopang'ono, kuchotsa uyu n'kuika uyo, ndipo kusinthana kumeneko kumadya nthawi imene ikanapita ku ntchito. Pulosesi imene yagwira loko ya m'kati mwa seva imatha kuchotsedwa pa purosesa isanaimasule, ena onse n'kumaidikira. Ntchito yotha pa sekondi imatsika, aliyense amakhalitsa, ndipo kukhalitsako kumaitana makonekishoni enanso. Zili ngati pachigayo chokhala ndi makina awiri, mwini wake atalowetsa amayi onse m'kati ndi matumba awo poopa kuti apsa ndi dzuwa panja: ufa sutuluka msanga chifukwa chipinda chadzaza, koma wogayitsa ndiye amasowa popondera.

Memore nayo ili ndi msampha wake. `work_mem`, imene imayambira pa 4MB, si gawo la seva yonse kapena la konekishoni imodzi. Ndi malire a ntchito iliyonse yosanja kapena yophatikiza matebulo m'kati mwa funso. Wina akaikweza kufika pa 64MB kuti malipoti azithamanga, ndipo mafunso 200 akuyenda pamodzi, lililonse ndi ntchito ziwiri zotere, memore yofunika ingathe kufika pa magigabaiti 25 pa makina a 16. Linux ikasowa memore imapha pulosesi imodzi. Postgres ikaona kuti mwana wake wafa imfa yotere, siikhulupiriranso memore imene onse amagawana, choncho imadula makonekishoni onse n'kudzikonza kaye isanalandirenso aliyense. Seva imene inkakana anthu ochepa tsopano yataya onse.

N'zoona kuti Postgres 14, ya mu 2021, inachepetsa kwambiri mtolo wa makonekishoni ongokhala. Koma sinawonjezere makowa a munthu aliyense.

Apa ndi pamene PgBouncer imalowera. Ndi kapulogalamu kopepuka kamene kanachokera ku Skype, ndipo kamaima pakati pa mapulogalamu ndi detabesi, kawirikawiri pa poti 6432. Kwa mapulogalamu kamaoneka ngati Postgres. Kwa Postgres kamaoneka ngati kasitomala wodziletsa.

```
[pgbouncer]
pool_mode = transaction
max_client_conn = 1000
default_pool_size = 20
```

Mizere imeneyi ikunena kuti makasitomala 1000 akhoza kulumikizana ndi PgBouncer, koma kwa yuza mmodzi pa detabesi imodzi, makonekishoni enieni opita ku Postgres ndi 20 basi. Kasitomala amapatsidwa imodzi pamene thiranzakishoni yake ikuyamba, ndipo ikangotha amailandidwa kuti ipite kwa wina. Makope 12 aja akhoza kusunga makonekishoni awo 120 osavutitsa aliyense, popeza kwa PgBouncer kasitomala wongokhala ndi kamemore kochepa chabe, osati pulosesi yathunthu. Nambala 20 siinagwe kumwamba: poyambira podziwika ndi kuchulukitsa makowa kawiri n'kuwonjezerapo pang'ono chifukwa cha nthawi yodikira disiki. Yotsimikizika imapezeka poyesa ndi katundu weniweni.

Chimene chimandiganizitsa pa nkhaniyi n'chakuti PgBouncer siichotsa kudikira. Ntchito ikachuluka kuposa mphamvu, wina ayenera kudikira ndithu, ndipo palibe setingi imene ingasinthe zimenezo. Chimene munthu angasankhe ndi malo odikirira. Wodikira pakhomo sagwira loko, sadya `work_mem`, salimbirana purosesa ndi amene akutumikiridwa. Wodikira m'kati amachedwa iye mwini n'kuchedwetsanso anzake onse. Ambirife tinazolowera kuganiza kuti kulowetsa munthu ndiko kumulemekeza, ndipo kumuimitsa pakhomo ndi kumunyoza. Koma munthu amene akulipira pa foni sadziwa kuti waima pati. Chimene amadziwa ndi nthawi imene yadutsa asanaone kuti zatheka. Kudikira mamilisekondi 30 panja n'kutumikiridwa mu 10 kumamuchitira ulemu kuposa kulowa pomwepo n'kukhala masekondi 8. Malire oikidwa bwino ndi lonjezo kwa amene walowa kuti amalizidwa.

Nkhokwe nayo ili ndi mtengo wake, ndipo tisaubise. Popeza thiranzakishoni yotsatira ingagwere pa konekishoni ina, chilichonse chodalira kuti konekishoni ikukumbukira chimasokonekera. `SET` wamba amatsalira pa konekishoni n'kukagwera kasitomala wina, choncho pamafunika `SET LOCAL` m'kati mwa thiranzakishoni. `LISTEN` ndi maloko a `pg_advisory_lock` sagwira bwino ntchito m'njira imeneyi. Mafunso okonzeratu anali vuto kwa zaka zambiri mpaka PgBouncer 1.21, ya mu 2023, itayamba kuwasamalira kudzera pa `max_prepared_statements`. Ndipo pa tsiku la kampani yochedwa lija, makonekishoni 20 okhala theka la sekondi iliyonse amamaliza mathiranzakishoni 40 okha pa sekondi pamene obwera ndi 400. Mzere wa pakhomo udzakula, ena adzatopa n'kuchoka. Phindu lake n'lakuti seva ikadali moyo, ndipo wosamalira angathe kulowa n'kuona chimene chikuchitika.

Kuonako kumayambira pa funso ili:

```sql
SELECT state, wait_event_type, count(*)
FROM pg_stat_activity
GROUP BY 1, 2;
```

Ambiri akakhala `idle`, vuto ndi kuchulukitsa kuja, ndipo nkhokwe imodzi yapakati ilithetsa. Ambiri akakhala `active` koma akudikira `Lock`, funani amene wagwira lokoyo. Kawirikawiri mumupeza ali `idle in transaction`, atatsegula thiranzakishoni n'kupita kukadikira zina. Konekishoni ya ameneyo PgBouncer singaipereke kwa wina thiranzakishoni ikadali yotsegula. Mankhwala ake ali mu khodi: funsani kampani ya ndalama thiranzakishoni isanatsegulidwe kapena itatsekedwa kale, ndipo ikani `idle_in_transaction_session_timeout` kuti woiwalika azidulidwa. Ku mbali ya PgBouncer, `SHOW POOLS` imaonetsa `cl_waiting`, amene ali pamzere, ndi `maxwait`, masekondi amene woyamba pamzerewo wadikira. `maxwait` ikamakwera purosesa ndi disiki zikupuma ndipo palibe wogwira loko, nkhokwe ndi yaing'ono, ikuzeni pang'ono. Ikamakwera purosesa ili yodzaza, kuikuza kungowonjezera moto.

Choncho inu amene mwapatsidwa seva kuti muisamalire, tsiku limene uthenga uja udzatuluke, musayambire pa `max_connections`, imene kuisintha kumafunanso kuzimitsa ndi kuyatsa detabesi anthu ali pakati pa ntchito. Werengani kaye makope a pulogalamu ndi makonekishoni a lililonse, muone amene akugwiradi ntchito ndi amene angogwira malo, ndipo mufupikitse thiranzakishoni imene ikukhalitsa.