Mutu wa matenda a shuga pa tsamba limodzi

Ife amene tinaphunzira zachipatala tikuudziwa mutu wa matenda a shuga m'buku: wautali, wodzaza ndi matebulo. Koma pa tsiku la kiliniki, mzere utafika panja, ndani amatsegula buku? Timasuzumira kapepala kamene tinadzilembera tokha, ndipo zimene tinasankha kusunga kapena kutaya ndizo zimamugwera wodwala.

1. Tiyambire pamene wodwala waima. Buku limayamba ndi kapamba ndi ntchito ya insulini. Zimenezo zikhale m'mutu. Mzere woyamba wa kapepala uyankhe funso limodzi: kodi ndi shugadi? Munthu asanadye kuyambira dzulo usiku, malire ndi 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL. Nthawi ina iliyonse ndi 11.1 mmol/L, kapena 200 mg/dL, pamodzi ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuonda. Tilembe miyeso yonse iwiri, pakuti makina oyezera sawerenga mofanana.

2. Zoopsa zikhale pamwamba. Mabuku ambiri amaika ngozi kumapeto kwa mutu, ndipo wofupikitsa waulesi amangotsata dongosolo lomwelo. Koma mnyamata woonda, amene akusanza, akupuma mozama ndipo mkodzo wake uli ndi makitoni, sangadikire kuti tiyese mapiritsi. Akufunika kugonekedwa, dilipi ndi insulini lero. Mayi woyembekezera nayenso ali ndi njira yakeyake. Awa tiwapatule tisanalembe sitepe yoyamba ya chithandizo.

3. Sitepe iliyonse inene mlingo, nthawi ndi chotisunthira patsogolo. Kulemba kuti "metifomini, kenako gilibenikilamayidi, kenako insulini" n'kungondandalika mayina, si kufupikitsa. Tiyese ndi bambo wa zaka 52, wolemera makilogalamu 70, shuga wa m'mawa 12 mmol/L, wopanda makitoni, impso zili bwino. Sitepe yoyamba: achepetse mitanda ya nsima, asiye zakumwa zotsekemera, aziyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, ayambe metifomini 500 mg kamodzi pa tsiku pa nthawi ya chakudya. Tiziwonjezera 500 mg sabata iliyonse mpaka 1000 mg kawiri pa tsiku. Bwanji pang'onopang'ono? Chifukwa tikathamanga amamva nseru, amatsegula m'mimba, nasiya mankhwala osatiuza. Pakatha miyezi itatu tikuyembekeza HbA1c yosafika 7%, kapena, kumene kuyeza uku kulibe, shuga wa m'mawa wosaposa 7. Tinene kuti tapeza 9. Tisanakwere sitepe, kapepala katikumbutse kufunsa: "Bambo, mapiritsi mukumwa bwanji? Sanakuthereni pakati?" Kuwonjezera mankhwala kwa munthu amene sakumwa oyamba n'kudzinyenga tokha. Ngati akumwadi, sitepe yachiwiri ndi gilibenikilamayidi 2.5 mg m'mawa asanadye, kukweza pang'onopang'ono. Zikakanikabe, yachitatu ndi insulini yogwira nthawi yaitali, mayuniti 10 pogona, kuwonjezera awiri pakatha masiku atatu aliwonse kufikira shuga wa m'mawa atatsika kufika pa 7, metifomini akupitirira.

4. Mawu akuti "osapereka" tisawapete. Pofupikitsa timakhala ngati mayi ali ndi lichero, ndipo machenjezo, poti amalembedwa m'zilembo zazing'ono, ndiwo amayamba kuuluka ngati gaga. Tsopano pa mpando pomwe paja pakhale agogo a zaka 70, amene muyeso wa impso zawo, eGFR, uli pa 25. Metifomini saperekedwa muyesowu ukatsika pansi pa 30, ndipo ukatsika pansi pa 45 mlingo umachepetsedwa. Gilibenikilamayidi amachedwa kuchoka m'thupi la munthu wa impso zofooka, nagwetsa shuga, makamaka agogo akagona ndi njala. Kodi kapepala kathu kakanawateteza? Choncho pambali pa mankhwala aliwonse pakhale chenjezo lake, ndiponso chochita shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L. Wodwala wonjenjemera, wa thukuta, wosokonezeka, ngati akutha kumeza, amwe madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, tiyezenso pakatha mphindi 15. Ngati chagwetsa shuga ndi gilibenikilamayidi tisafulumire kumutulutsa, pakuti shugayo amatha kugwanso. Ndipo kwa okalamba otere chandamale cha 7% timachimasula kufika cha m'ma 8%.

5. Tilole mnzathu akayese. Pansi pa tsamba tisiye mzere wa BP, mapazi, maso ndi impso, tilembenso chaka ndi malangizo a dziko amene tatsata, poti amasintha. Kenako kapepalako tikapereke kwa namwino amene sanauwerenge mutuwo posachedwa, timupatse odwala awiri ongoganizira, mmodzi wosavuta, wina wa impso zofooka. Paliponse pamene adzaime n'kufunsa kuti "apa ndiye nditani?" pali mzere umene tinataya, ndipo tibwerere m'buku kukautenga.