Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame

Mdzukulu wanga,

Kuno tadzuka bwino, mawondo okha ndiwo akundikumbutsa zaka. Malume ako anandiuza kuti unafika bwino ku Lusaka, ndipo Lolemba unayamba ntchito yako ya ukalaliki. Tsiku lija tinakuperekeza kokwerera basi ku Chipata panali phokoso la anyamata oitanira anthu, ndipo ine ndinangoti uyende bwino. Mawu amene ndinakusungira ndinabwerera nawo kunyumba. Ndi mwambi umodzi wokha, umene wandivutitsa moyo wanga wonse: ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Mame uwadziwa, koma mwina wayamba kale kuiwala. Mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, udzu wa m'njira ya kudimba umakhala utafika m'chiuno. Usiku kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo, m'mawa udzu wonse umalemera ndi madzi. Woyamba kudutsa m'njiramo amanyowa mpaka chitenje kumamatira m'miyendo, ndipo kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Wachiwiri amanyowa pang'ono. Wachisanu amadutsa wouma, chifukwa anzake amusasira kale mame. Tsono taganiza za munthu amene ali pamsana pa njovu. Zija za ku Mfuwe, yamphongo yaikulu imafika mamita 3 paphewa. Udzu sumukhudza, mapazi ake ndi ouma. Akanena kuti lero kulibe mame sakunama mwadala, akunena zimene thupi lake likumva. Choopsa cha mwambiwu chili pomwepo. Munthu akakwera sasanduka woipa tsiku limodzi, amangoleka kumva zimene apansi akumva, kenako amayamba kukana kuti zilipo.

Chinthu chachiwiri n'chakuti njovu si bulu. Palibe amene anaiweta m'khola kumudzi kuno. Wokwera njovu sanadzikweze yekha, ndipo sadziwa ola limene idzagwedeze msana. Ichi ndinachiona m'nyumba mwanga momwe.

Agogo ako aamuna ankagwira ntchito ku Lusaka pakampani ina ya boma. Ankabwera pa Khirisimasi atanyamula shuga, sopo ndi mafuta ophikira, nthawi imene kuno tinkaima pamzere tsiku lonse kuti tipeze zimenezo. Sanali munthu wouma manja, koma pakamwa pawo panali pataiwala mame. Chaka cha chilala cha 1992 mng'ono wawo anawadandaulira kuti nkhokwe ilibe kanthu. Iwo anayankha pamaso pa ana kuti vuto la anthu akumudzi ndi ulesi. Mlamu wanga sanayankhe, anangotola chipewa chake n'kupita. Zaka zomwezo boma latsopano limene linalowa mu 1991 linayamba kugulitsa makampani ake ndi kutseka ena. Ngakhale Zambia Airways, imene tinkaiona ngati phiri losasuntha, inatsekedwa mu Disembala 1994. Kampani ya agogo ako nayo inatha. Anabwerera ndi sutikesi imodzi ndi wailesi. Amene anawadulira munda, kuwabwereka ng'ombe zolimira ndi kuwapatsa mbewu ya mtedza wa Chalimbana anali mlamu wanga yemwe uja. Sanawakumbutse mawu aja ngakhale tsiku limodzi, ndipo zikanawapepukira agogo ako akanawatukwana. Mpaka kumwalira kwawo ankati nsima ya chaka chimenecho inkawatsamwa.

Ukumva tsono kuti mwambiwu suletsa kukwera. Kwera ndithu, tinakukweza dala. Umaletsa mawu amodzi okha, akuti kulibe. Mawu amenewa ali ndi zovala zambiri, ndipo ndikufuna uzizindikire zikamatuluka pakamwa pako. Msuweni wako akadzakuuza kuti chimanga sichinachite bwino, iwe udzafuna kufunsa kuti bwanji sanathire feteleza. Usanafunse, werenga. Lima imodzi, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, imafuna thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi lina la wobereketsa, lililonse la makilogalamu 50. Hekitala yonse ndi matumba 8. Ndipo ngakhale athire onsewo, mvula ikadula chimanga chikumasula ngayaye, ndalama yonse yapsa. Ndi zimene zinachitika mu 2024, pamene pulezidenti analengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Ku Lusaka chilalacho anachimva ngati kuzima kwa malaiti, madzi atachepa ku Kariba. Kuno tinachimva m'mimba. Anali mame amodzimodzi, koma wina anamunyowetsa kuphazi, wina mpaka m'khosi. Ukayamba kupereka malangizo usanafunse mtengo wa chinthu, dziwa kuti njovu yayamba kukuyankhulira.

Ku ofesi nakonso kuli mame, ngakhale pansi ndi pa simenti. Iwe ukafika 8 koloko upeza pageti patsegulidwa, pansi pakolopedwa, madzi a tiyi awira. Alipo amene anadzuka kusanache kuti iwe upeze zimenezo. Mlonda uja wagona panja usiku wonse. Mayi wokolopa mwina wayenda pansi kuchokera kukomboni kuti asunge ya minibasi. Amenewo ndi osasa mame ako. Sabata yoyamba isanathe udziwe mayina awo, ndipo uziwatchula kuti amayi, abambo, monga ukanachitira kuno. Usamtume munthu wamsinkhu wa amako ndi chala kapena ndi kukodola. Ukafuna kuti akuthandize, imirira, pita pamene ali, pempha. Sindikunena izi kuti uziwanyengerera. Iwowo aona makalaliki ambiri akubwera ndi kupita, akudziwa kumene fayilo yakale inaikidwa ndi tsiku limene abwana sayankhulika. Satifiketi yako sinakuphunzitse zimenezo, ndipo safunsa anadya phula.

Kumbukiranso kuti sunakhazikike. Malume ako akuti lamulo la ntchito la 2019 limalola kuti munthu ayesedwe miyezi 3, ndipo akhoza kuwonjezera ina 3. Pamiyezi imeneyi udzalakwitsa ndithu, mwina nambala, mwina kalata yopita kolakwika. Ukalakwitsa, kanene wekha asanakutulukire, ndipo usakankhire wamng'ono amene sangadziteteze. Kudzichepetsa kwenikweni kumaoneka pamenepo. Kugwada ndi kuwomba m'manja pamaso pa abwana aliyense amatha, ngakhale wakuba. Wogwadira akumwamba n'kumapondereza apansi sanadzichepetse, wangoopa njovu.

Tsopano za kuthokoza. Anthu ambiri amathokoza Mulungu ndi abwana, n'kulekera pomwepo. Iwe werenga mapewa amene unapondapo pokwera. Pamene unali kusekondale sukulu inali isanakhale yaulere, chifukwa zimenezo zinayamba mu 2022. Fizi yako inachokera m'chiwaya cha vitumbuwa cha azakhali ako ku msika wa Kapata. Malume ako aang'ono, amene amanyamula anthu panjinga m'tauni ya Chipata, anakukweza ulere zaka zonse zija, kukwera ndi kutsika zitunda, pamene mpando umenewo ukanawapezera ndalama ya ndiwo. Mkulu wako analeka sukulu mu Giredi 9 kuti ndalama ikwanire mmodzi. Sanali wopusa kuposa iwe, masamu ankakuphunzitsa ndi iye. Tsiku limene udzanene kuti ndinadzivutikira ndekha, udzakhala wanena kuti kulibe mame, ndipo udzanena pamaso pa anthu amene zovala zawo sizinaume.

Koma ndisakusiye ndi katundu amene angakuthyole msana, pakuti mwambiwu uli ndi malire ake. Suti utsike n'kugawa njovu. Unandiuza kuti malipiro ako ndi K5,000. Malume ako andiwerengera kuti a NAPSA adzadulapo K250 ya penshoni, a NHIMA K50 ya chipatala, n'kutsala K4,700. Pamenepo pachoke lendi ya chipinda, minibasi ya mwezi wonse, malasha, unga ndi ndiwo. Chotsala n'chochepa, ndipo ine ndikudziwa. Akumudzi ena sadziwa, akamva kuti Lusaka amaona ngati ndalama imatoledwa mumsewu. Naonso ali ndi njovu yawo yaing'ono, chifukwa salipira lendi ndipo nkhuni amatola. Foni yako idzalira kwambiri pakutha pa mwezi. Usadzalowe kaloba kuti uoneke wopatsa. Ndalama ya kaloba imabereka msanga kuposa mbuzi, ndipo ndaona ana a anthu akulandira malipiro amene adyedwa kale. Kumeneko si kuthokoza, ndi kunyada kumene kwavala chitenje cha chifundo.

Chita motere. Malipiro oyamba ugule kanthu kakang'ono kogwirika ka anthu atatu aja, chitenje cha azakhali, tayala la njinga la malume, nsapato za mwana wa mkulu wako. Usangotumiza pafoni, uwaimbire mmodzimmodzi n'kutchula chimene anakuchitira. Munthu amaiwala ndalama, koma saiwala kuti unakumbukira. Kuyambira mwezi wachiwiri uziika padera kandalama kofanana mwezi uliwonse, ngakhale K300, ndipo usakakhudze mpaka Okutobala, nthawi yogula mbewu ndi feteleza. Thandizo lofika mvula isanagwe limabala nkhokwe. Lofika mu Febuluwale limangogula thumba la unga n'kutha. Wopempha amene sungathe kumuthandiza umuuze zoona, kuti mwezi uno ndilibe. Usazime foni. Kukana kumapweteka tsiku limodzi, koma kuzimiridwa foni munthu amapita nako kumanda.

Ukadzabwera pa Nc'wala mu Febuluwale, usadzatsikire ku Mtenguleni n'kubwerera ndi anzako a ku ofesi osafika kuno. Udzagone m'nyumba mwanga. Chizungu chako ukachisiye pa mlatho wa Luangwa, udzachitenga pobwerera. M'mawa mwake ndidzakudzutsa tambala wachiwiri atalira kuti tipite kudimba. Mawondo angawa salolanso kuti ndizitsogola, ndipo udzu chaka chino wakula kwambiri. Udzayenda patsogolo ndiwe.

Ndine agogo ako.