Kodi Womasulira Ayenera Kufewetsa Mawu Olasa?

Pamene anthu a mitundu iwiri agwira ntchito pamodzi, pakati pawo payima munthu wachitatu, ndiye womasulira. Ntchito yake ioneka yopepuka masiku a mtendere. Koma tsiku limene mmodzi alankhula mawu olasa kwa mnzake, womasulira apeza funso lovuta. Akapereka mawuwo monga momwe anatulukira, aputa mkangano. Akawafewetsa, kodi sananame?

Nachi chitsanzo. Mlangizi wa za madzi wochokera ku Holland agwira ntchito ndi kapitawo wa amisiri, bambo wachikulire wa Chichewa. Amisiriwo amanga chiguwa cha konkire pozungulira mjigo. Mlangizi anafuna kuti pa ndowa 1 ya simenti athire ndowa 2 za mchenga ndi ndowa 4 za miyala, ndiponso kuti aziwaza madzi pa konkireyo masiku 7. Pofika iye apeza ming'alu. Akanda ndi msomali, ndipo konkireyo ifumbutuka ngati chigumu. Pamenepo anena m'Chingerezi, amisiri onse ali kumva: "Ntchito iyi ndi yoipa. Munachepetsa simenti. Gumulani, mumangenso lisanafike Lachisanu. Mukapanda kutero, malipiro palibe."

Kwawo kwa mlangiziyo anthu ambiri ayesa kulankhula kolunjika ngati ulemu, pakuti sikutayitsa munthu nthawi. Kwa kapitawo sizili choncho. Kudzudzula munthu wamkulu pamaso pa anyamata ake ndiko kumuvula. Motero mawu amene kwa wonena ali malangizo chabe, kwa wakumva akhala chipongwe.

Choyamba chimene womasulira ayenera kuzindikira ndi chakuti mawu ali ndi katundu ndi chokutira. Katundu wa mawu a mlangizi ali panayi: chimene chalakwika, chimene chichitidwe, tsiku lake, ndi chimene chidzatsata ntchito ikalephereka. Chokutira ndicho malonje, mawu aulemu, malo olankhulira ndi kakonzedwe ka ziganizo. Katundu ndi wa mwini mawu. Chokutira ndicho gawo la womasulira.

Pali zinthu zina zimene womasulira asintha popanda kulakwa konse. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lonenera munthu amene ulankhula naye, kaya ndi mwana kaya ndi mfumu. Chichewa chikakamiza munthu kusankha pakati pa "iwe" ndi "inu". Womasulira akati "iwe" kwa kapitawo, waonjezera mwano umene mlangizi sananene. Akati "inu, bambo", sanafewetse kanthu; wamasulira bwino. Kumasulira koona kutsata cholinga cha wonena, kuti wakumva alandire kulemera komweko kumene mwini anafuna.

Koma pali kufewetsa kwina kumene kuba. Womasulira wamantha angathe kunena kuti: "Bwana akuti mwagwira ntchito, koma pali tina ndi tina tofunika kukonza mukapeza mpata." Nkhope zonse zisangalala. Kapitawo atuma mnyamata kuti amate ming'alu ndi simenti pang'ono. Lachisanu lifika, mlangizi aona chiguwa chomwe chija, nayesa kapitawo munthu wosamvera. Malipiro aimitsidwa. Kapitawo nayenso ayesa mlangizi munthu wachinyengo, amene anayamika ntchito dzana nabisa ndalama lero. Chiguwacho chikasiyidwa, madzi akuda a mvula aloŵa m'ming'alu, naipitsa madzi akumwa a mudzi wonse. Womasulira anapulumutsa nkhope ya munthu kwa ola limodzi, namtayitsa malipiro ndi mbiri yake. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Amene abisa chenjezo sali mnansi.

Mbiri ya maiko isonyezanso kuopsa kwa kusandutsa lamulo kukhala pempho. M'chaka cha 1889 Menelik, mfumu ya ku Ethiopia, anachita pangano ndi Italy pa malo otchedwa Wuchale. Panganolo linalembedwa m'zinenero ziŵiri. Ndime 17 m'Chiamhara inati mfumuyo ingathe kudzera mwa Italy polankhula ndi maiko ena, ikafuna. M'Chitaliyana inamveka kuti idzadzera mwa Italy basi. Kusiyanaku kunabala mkangano umene unathera pa nkhondo ya ku Adwa m'chaka cha 1896. "Mungathe" ndi "muyenera" atalikirana ngati dziko ndi thambo.

Nanga mawu afewetsedwe liti, asanamasuliridwe kapena pomasulira? Njira yoongoka ndiyo yoyamba. Womasulira atembenukira kwa mlangizi nanena motsitsa mawu: "Bwana, ndimasulira zonse. Koma kuno munthu wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Kodi mungalole kuti tipatuke nawo pambali, ndiponso kuti tiyambe tawafunsa chimene chinachitika?" Potero mwini mawu ndiye asankha. Akavomera, mawu ofewawo akhala ake enieni. Kufewetsa kochitika pomasulira, mwini osadziŵa, kuchitika mumdima. Mlangizi ayesa kuti wanena chinthu chimodzi, kapitawo wamva china, ndipo wodziŵa zoona ndi mmodzi yekha.

Atapatuka pansi pa mtengo, womasulira anena: "Bambo, mlangizi aona kuti konkire yachepa simenti, ndipo siikhalitsa. Akuti chiguwa chonse chigumulidwe, chimangidwenso lisanafike Lachisanu. Anenetsa kuti malipiro sadzatuluka ntchitoyi isanathe. Afunanso kumva kwa inu chimene chinachitika." Ulemu ulipo, ndipo katundu yense wafika, palibe chagwa panjira.

Tsopano ntchito itembenuka. Kapitawo ayankha: "Tamva. Tiyesetsa, koma zinthu zake n'zovutirapo." Mlangizi akamva mawu ameneŵa monga alili, ayesa kuti munthu wavomera. Mchewa aliyense adziŵa kuti kuseri kwake kuli nkhani. Womasulira asadzipangire yekha tanthauzo, koma afunse: "Chavuta n'chiyani, bambo?" Pamenepo zituluka: panafunika matumba 10 a simenti, koma galimoto linatula 6 okha, ndipo kapitawo anaopa kuimitsa ntchito. Womasulira apereka zimenezi kwa mlangizi molunjika. Chilungamo cha womasulira chioneka apa: monga anakutira mawu a mlendo kuti aloŵe m'khutu la mwini mudzi, momwemonso akutukula mawu a mwini mudzi kuti mlendo awaone.

Pali mayeso aŵiri odziŵira ngati kufewetsa kwapyola malire. Oyamba ndi aŵa: mwini mawu akadamva Chichewa, kodi akadati, "Inde, ndizo ndinanena"? Achiŵiri ndiwo kupempha wakumva kuti anene chimene akachite ndi tsiku lake. Kapitawo akati, "Tigumula, timangenso lisanafike Lachisanu," mawu afika. Akati, "Timata ming'alu," womasulira adziŵe kuti wataya katundu, ndipo abwereze.

Malire ena aliponso. Mlangizi akakana uphungu, womasulira apereke mawu onse, nanene poyera kuti ndi mawu a mlangizi. Mlangizi akatukwana mwadala, si bwino kumuveka ulemu umene alibe, pakuti kapitawo ayenera kudziŵa munthu amene agwira naye ntchito. Ndipo m'bwalo la milandu womasulira alumbira kumasulira mokhulupirika. Kumeneko safewetsa kanthu, chifukwa liwu limodzi lingathe kumanga kapena kumasula munthu.

Chifundo cha womasulira chikhale pa njira imene mawu ayendamo. Chimene chanenedwa si chake, ndipo alibe ufulu wakuchichepetsa. Kapitawo amene wamva zoona mwaulemu angathe kuŵaŵidwa mtima tsiku limenelo, koma Lachisanu alandira malipiro ake, ndipo mudzi umwa madzi oyera.