Uthenga Umene Sungapite kwa Amayi a Wina

Mawu a Mulungu: Miyambo 31:10-31, 2 Timoteyo 1:5

Tikawerenga Miyambo 31 timathamangira ku ndime 28, pamene ana akudzuka ndi kutamanda mayi wawo. Koma onani zimene zalembedwa ndimeyo isanafike. Wolembayo watchula ntchito za mayiyu imodzi imodzi: amadzuka kusanache, amagula munda, amapota thonje, amatambasulira osauka dzanja. Chitamando chabwera pambuyo pa zinthu zooneka ndi maso. Paulo nayenso, polembera Timoteyo, sanangoti unaleredwa bwino. Anatchula maina, agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, ndi chimene anamusiyira, chikhulupiriro chopanda chinyengo.

Tsono tiyeni kuno kwathu ku Mualadzi. Tiyerekeze mnyamata amene akugwira ntchito mumzinda wa Tete. Lafika tsiku lobadwa la amayi ake, watola chithunzi cha maluwa ndi keke pa WhatsApp, cholembedwa m'Chipwitikizi, nkuwonjezerapo kuti: “Amayi okondedwa, ndinu mayi wabwino koposa padziko lonse. Mulungu akupatseni zaka zambiri.” Bodza mulibemo. Koma uthengawu muuyese motere: kodi mutautumiza kwa amayi a mnzanu, pali liwu limene mungasinthe? Ngati palibe, ndiye kuti simunawalembere amayi anu. Ndipo mdzukulu amene adzawawerengere adzaona chizindikiro chija chosonyeza kuti uthengawo wangopatsiridwa kuchoka kwa wina.

Mnyamata uja aike foni pansi kaye, akumbukire tsiku limodzi. Asati “munandivutikira”, pakuti mayi aliyense amavutika. Afunse kuti anavutika liti, kuti, akuchita chiyani. Akakumbukira, alembe m'chinenero chimene amayiwo amamudzudzulira nacho, ndi ulemu wake wa inu. Uthenga uja utha kukhala wotere:

“Amayi, ndi ine mwana wanu wachiwiri. Lero ndakumbukira chaka chimene ndinkayamba sekondale. Munkasoka fodya m'chigafa mpaka mdima, zala zitada ndi utomoni, ndipo fodyayo atagulitsidwa munandigulira nsapato ndi makope, inu nkukhalabe ndi chitenje chanu chong'ambika chija. Nthawi imeneyo sindinathokoze. Zikomo, Amayi. Ndikupempha Mulungu achiritse bondo lanu lakumanzere mvula isanagwe.”

Taonani pempherolo. Zaka zambiri timafunira aliyense, ngakhale munthu amene takumana naye pa chipata cha Cassacatiza. Bondo lakumanzere amalidziwa ndi mwana amene amafunsa za moyo wa amayi ake. Wina akapeza kuti alibe choti atchule m'pempheromo, vuto silili pa kalembedwe ayi. Ayambe waimba foni.

Si chilichonse chimene mwakumbukira chiyenera kulowamo. Amayi athu ambiri anathawa nkhondo, ena ku Zambia, ena ku Malawi, nkudzabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okotobala 1992. Ena anasiya manda a ana awo kumeneko. Mukhoza kuwathokoza kuti anakuberekani kumsana ulendo wonse uja, koma za maliro, za mitala ya abambo, za mkangano wa munda, muzisunge mpaka mudzakhale nawo pamphasa. Uthenga umawerengedwa mokweza pakhonde, apongozi ndi anansi ali pomwepo.

Musamatireponso pempho kumapeto. Mukathokoza bwinobwino kenaka nkuti “munditumizireko thumba la chimanga”, amayi adzadziwa kuti mawu onse aja anali malonje a chimangacho. Chimodzimodzi lonjezo la malata limene mulibe nalo ndalama: iwo adzaliuza mudzi wonse, manyazi nkudzagwera iwo omwe.

Wina anena kuti amayi anga sadziwa tsiku limene anabadwa, lolembedwa pa chitupa anangoganizira olembera. Nzoona, ndipo ambiri a iwo sanadyepo keke ya tsiku lobadwa. Musanamizire pamenepo. Tengani tsiku la pa chitupalo, kapena la 7 Epulo limene dziko lathu limakumbukira amayi a m'Mozambique, muwauze poyera kuti ana anu tasankha tsiku ili kuti tizikuthokozani.

Ganiziraninso foni imene ali nayo. Ngati ndi kafoni ka mabatani, chithunzi ndi mawu ojambula a pa WhatsApp sizifika, ndipo uthenga wamba umodzi umalowa zilembo 160 zokha, zotsalazo zimalipiridwa ngati uthenga wina. Ngati amayi sawerenga, lembani mawuwo papepala kuti musasokonekere, muimbe madzulo ataweruka kumunda, muwawerengere pang'onopang'ono. Akayamba kukonza nkhani yanu kuti nsapato zija sizinagulidwe chaka chimenecho, musawadule pakamwa. Gulanitu mayunitsi okwanira.